Masekondi 30 akukwana, koma sipiliti imafuna miyezi

"Ndine mayi wa zaka 37, ndimakhala ku Kawale ndipo ndimagwira ntchito ya mu ofesi. Mwana wanga wamkazi wa zaka 9 amachita sipiliti ngati alibe mafupa, moti ine ndakhumbira. Kumene ndimachita majowajowa Loweruka, aphunzitsi amawerenga mpaka 10 n'kunena kuti tisinthe mwendo, koma mnzanga akuti ndizikhala mphindi 5 osasuntha. Ndikayesa, mwendo wina kutsogolo wina kumbuyo, pamatsala masentimita 28 kuti ndifike pansi. Kodi ndizikhala nthawi yaitali bwanji ndikamatambasula minofu? Nanga pa msinkhu wanga zingatheke, kapena ndachedwa?"

Mayi, simunachedwe. Gwirani masekondi 30, pumulani pang'ono, bwerezani katatu pa mnofu uliwonse, masiku 5 pa sabata. Yankho lalifupi ndi limenelo, koma monga munthu wa mafizo ndaona kuti amene amangotenga nambala osadziwa kumene yachokera amaisiya pakangotha masabata awiri, kapena amaiwonjezera mpaka kudzivulaza. Choncho ndiloleni ndifotokoze.

Nambala ya 30 si yongoganizira. Mu 1994 akatswiri awiri a mafizo a ku America, Bandy ndi Irion, anatenga anthu akuluakulu amene minofu yawo ya kumbuyo kwa ntchafu inali yolimba, n'kuwagawa m'magulu. Ena ankagwira masekondi 15, ena 30, ena 60, ndipo gulu lina silinkachita kanthu. Anachita zimenezi masiku 5 pa sabata kwa masabata 6. Pomaliza, a masekondi 30 ndi a 60 anapindula mofanana, pamene a 15 sanasiyane kwenikweni ndi amene ankangokhala aja. Ndiye kuti kuwerenga mpaka 10 kwa aphunzitsi anu kuli ndi ntchito yake, yoziziritsa thupi mukatha kujowa, koma sikungakutsitseni pansi, makamaka ngati kukuchitika kamodzi pa sabata. Ndipo tonse tikudziwa mmene 10 wa pa majowajowa amawerengedwera, mothamanga motsatira nyimbo, moti mwina sakwana n'komwe masekondi 6. Muziyang'ana wotchi ya pa foni, chifukwa mnofu ukayamba kukoka pakamwa pamafulumira pokha.

Pali kusiyana kumodzi kwa msinkhu. Kafukufuku wina wa mu 2001 wa anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo anapeza kuti kwa iwo masekondi 60 ankaposa 30. N'chifukwa chake malangizo a madokotala a zamasewero amati munthu wamkulu wamba agwire masekondi 10 mpaka 30, wachikulire 30 mpaka 60, ndipo zonse pamodzi zikwane pafupifupi mphindi imodzi pa mnofu uliwonse tsiku limenelo. Inu wa zaka 37 muli m'gulu loyamba, koma popeza cholinga chanu si kungoti muzivala nsapato mosavutika, tengani nambala ya pamwamba.

Tsopano za mphindi 5 za mnzanu uja. Nambalayo ilipo ndithu, koma waiyika pamalo polakwika. Akatswiri ena mu 2018 anasonkhanitsa kafukufuku wambiri pa nkhaniyi, ndipo anaona kuti chimene chimatsogolera phindu si kutalika kwa kugwira kamodzi, koma nthawi yonse imene mnofu wakokedwa pa sabata yathunthu. Malire a pansi anali ngati mphindi 5 pa sabata pa mnofu uliwonse, zogawidwa m'masiku 5 kapena kuposa. Werengani nokha: masekondi 30 kawiri ndi mphindi imodzi, kwa masiku 5 ndi mphindi 5. Zimene ndakuuzani ine, katatu pa tsiku, zikupereka masekondi 450, omwe ndi mphindi 7 ndi theka. Mphindi 5 zimenezo mukazimeza nthawi imodzi Loweruka, ndi ngati kuthira ndowa zonse za sabata pa bedi la mpiru tsiku limodzi n'kulisiya padzuwa masiku 6.

Si kuti kukhala nthawi yaitali ndi tchimo. Ovina ndi ochita masewero a pamphasa amakhala mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo mukadzayandikira pansi inunso mudzatero. Koma woyamba kumene akakhala mphindi 5 pa sipiliti imene sanaikwanitse, mikono imatopa pa mphindi yachiwiri, thupi lonse limatsamira pa mnofu umene watambasuka kale mpaka pothera, ndipo kulemera kwake kumagwera pamalo amodzi amene ndiwatchule posachedwa.

Kuti mumvetse chifukwa chake kubwereza tsiku ndi tsiku kumaposa kukakamira, muyenera kudziwa chimene chimasintha m'thupi. Anthu ambiri amaganiza kuti mnofu uli ngati legeni, ukaukoka kwambiri umatalika n'kukhala choncho. Katswiri wina wa ku Denmark, Magnusson, anayeza zimenezi ndi makina m'zaka za m'ma 1990. Anapeza kuti ukagwira mnofu pamalo amodzi, kukana kwake kumatsikadi, makamaka m'masekondi oyambirira, kenako kutsikako kumachepa. Koma pakatha ola limodzi mnofu uja umabwerera mmene unalili. Ndipo mwa anthu amene anatambasula kwa masabata angapo n'kuyamba kufika patali, mnofu weniweniwo sunafewe ayi. Chimene chinasintha n'chakuti ankatha kulola kukoka kwakukulu asananene kuti basi, pandikwana. M'masabata oyambirira, phindu lalikulu limachokera ku ubongo ndi minyewa, zimene zimaphunzira kuti malo awa si oopsa n'kusiya kumanga mnofu msanga.

Zimenezi ndi nkhani yabwino kwa inu. Chikanakhala kuti chofunika ndi kutalikitsa nyama ngati chikopa cha ng'oma, msinkhu ukanakhala mdani wamkulu. Koma ubongo umaphunzirabe pa zaka 37, ngakhalenso pa zaka 57, ndipo umaphunzira ndi zinthu zobwerabwera, zosaopsa. Ululu waukulu umauphunzitsa zosiyana: kuti malo amenewa ndi oti uziwatchinjiriza. Mwana wanu ali ndi mwayi wake, n'zoona. Thupi lake ndi lopepuka, zolumikizira mafupa n'zofewa, ndipo sanakhale zaka 15 pampando wa mu ofesi ndi wa m'minibasi. Koma yang'anani agogo kumudzi atakhala pamkeka motambalala, miyendo ili tambalale, msana uli chilili, akutongola chimanga maola awiri. Anyamata ambiri a m'tauni a zaka 20 sangakhale choncho mphindi 5. Agogo aja sanachite mafizo. Thupi limasunga malo amene likuwagwiritsa ntchito.

Sipiliti ili mitundu iwiri, ndipo yankho la "kodi zingatheke" limasiyana. Imene mukuyesa inu, mwendo wina kutsogolo wina kumbuyo, imatsekedwa kwambiri ndi minofu: ya kumbuyo kwa ntchafu ya mwendo wakutsogolo, ndi ya kutsogolo kwa chiuno ya mwendo wakumbuyo. Minofu imaphunzitsika, choncho anthu akuluakulu ambiri amene ali ndi chiuno chabwinobwino angathe kufika pansi kapena pafupi kwambiri. Inayo, yotang'adza miyendo uku ndi uku, imadalira minofu ya m'mphechepeche komanso kapangidwe ka mafupa. Mutu wa fupa la ntchafu umalowa m'kabowo ka fupa la chiuno, ndipo kuya kwa kabowoko, kumene kayang'ana, ndi mmene khosi la fupa lapindikira zimasiyana munthu ndi munthu. Kwa ena fupa limagunda fupa miyendo isanafike pansi. Mungadziwe motere: ngati mukutang'adza n'kumamva kukoka mkati mwa ntchafu, ndi mnofu, ndipo njira ilipo. Ngati mukumva kutsina kapena kugunda kolimba kutsogolo kapena m'mbali mwa chiuno, yesani kuloza mawondo kumwamba kapena kupendeketsa chiuno kutsogolo. Kugundako kukapanda kuchoka, ndi fupa, ndipo fupa silimva masekondi. Pamenepo osalimbana napo.

Tiyeni titenge masentimita 28 anu aja. Choyamba muyezenso, chifukwa ndikukayikira kuti nambala yeniyeni ndi yoposa pamenepo. Pafupifupi aliyense akamayesa sipiliti amapotoza chiuno kuti chiyang'ane kumbali ya mwendo wakumbuyo, ndipo akatero amatsika msanga popanda kukoka mnofu wovutawo. Gwadani pamkeka, tsogozani mwendo umodzi, ndipo onetsetsani zinthu ziwiri: mchombo uloze kutsogolo kumene kwaloza phazi, ndipo bondo lakumbuyo liyang'ane pansi osati kumbali. Mwana wanu atenge tepi ya telala ayeze kuchokera pansi kufika pamene ntchafu yakutsogolo yalumikizana ndi thako. Mwina mupeza 33 kapena 35. Musakhumudwe nazo, imeneyo ndiyo nambala yoona yoyambira. Yezani miyendo yonse iwiri, lembani, ndipo muziyezanso kamodzi pa masabata awiri, nthawi yofanana ya tsiku, mutatenthetsa thupi mofanana. Kuyeza tsiku lililonse kumangosokoneza mtima, chifukwa thupi limasintha ndi tulo, kuzizira ndi kutopa.

Kutenthetsa thupi musakudumphe. Mphindi 5 mpaka 10 zoyenda ndawala, kukwera ndi kutsika pakhonde, kapena kuvina nyimbo ziwiri, mpaka thukuta liyambe kutuluka pang'ono. Kuno ku Lilongwe m'mwezi wa Juni ndi Julaye, m'mawa pa simenti yozizira, thupi limakhala louma kwambiri, ndipo mungadabwe kuti mwabwerera m'mbuyo masentimita angapo. Ngati mungathe, chitani madzulo mukaweruka, musanadye nsima. Mukatsika minibasi patali pang'ono n'kuyenda wapansi mwachangu mpaka kunyumba, mwatenthetsa kale.

Mnofu woyamba ndi wa kumbuyo kwa ntchafu. Gonani chagada, kolekani chitenje pansi pa phazi, kwezani mwendowo bondo lili lowongoka, mwendo winawo uli gone pansi. Kokani mpaka mumve kukoka pakati pa ntchafu, imani pamenepo masekondi 30 mukupuma bwinobwino. Ndimakonda kuyambitsa anthu chogona chifukwa msana umakhala wotetezeka ndipo kulemera kwa thupi sikukukankhani. Kuwerama chiimire n'kumafuna kugwira zala za kumapazi kumanamiza, popeza ambiri amapinda msana m'malo mwa chiuno.

Wachiwiri ndi umene anthu amauiwala, ndipo kwa munthu wa mu ofesi nthawi zambiri ndi umene wagwira masentimita ambiri. Gwadani ndi bondo limodzi pa pilo, phazi linalo liponde kutsogolo. Musanasunthe, finyani thako la mwendo wogwadawo ngati mukufuna kulowetsa mchira pansi, kuti msana wa m'munsi usapindike. Mukatero sunthirani chiuno kutsogolo pang'onopang'ono. Mudzamva kukoka kutsogolo kwa chiuno ndi pamwamba pa ntchafu mutangosuntha pang'ono kwambiri. Ngati mwapita patali osamva kanthu, ndiye kuti thako mwalitaya ndipo msana ndi umene wapindika. Bwererani, finyaninso. Masekondi 30, katatu mwendo uliwonse.

Kenako sipiliti yeniyeniyo, koma yochirikizidwa. Ikani mipando iwiri kapena milu ya njerwa uku ndi uku kuti manja atsamirepo msana uli chilili, ndipo pansi pa ntchafu yakutsogolo ikanipo mapilo kapena bulangeti lopinda lokwana kutseka mpata wonse. Cholinga n'chakuti mukhale pa chinthu, osati kulendewera pa mnofu. Bulangeti likamaphwa ndi masabata, mudzachotsa mpindo umodzi. Chenjerani ndi sokosi pa simenti yopolishidwa: chidendene chikaterereka mwadzidzidzi, mudzatsika masentimita 10 amene thupi silinavomere. Khalani osavala kanthu kuphazi, pamkeka wosaterera.

Mphamvu ya kukoka ikhale yotani? Ndimauza anthu kuti ayerekeze sikelo ya 0 mpaka 10, pamene 10 ndi ululu wosapiririka, ndipo akhale pa 5 kapena 6, asapitirire 7. Chizindikiro chosavuta ndi mpweya ndi nkhope. Ngati mungathe kuyankha mwana akakufunsani kumene kuli mchere, muli pabwino. Ngati mwaluma mano, mwagwira mpweya, kapena mwendo ukunjenjemera, mwapitirira. Pamalo oyenera, kukoka kumayamba kuchepa pakatha masekondi 15 kapena 20. Kukamakula m'malo mochepa, bwererani m'mbuyo pang'ono. Ndipo osadumphadumpha pothera kuti mutsike mokakamiza.

Pakatha masabata awiri kapena atatu, onjezerani kanjira kena kamene a mafizo timakagwiritsa ntchito kwambiri. Muli pa sipiliti yochirikizidwa ija, kanikizani chidendene chakutsogolo ndi bondo lakumbuyo pansi ngati mukufuna kukwinya mkeka pakati pa miyendo, ndi theka la mphamvu zanu, kwa masekondi 5. Masulani, tulutsani mpweya, tsikani pang'ono, khalani masekondi 20 mpaka 30. Bwerezani katatu. Ambiri amadabwa kuona kuti atsika sentimita kapena awiri pomwepo. Chitani zimenezi masiku awiri kapena atatu okha pa sabata, chifukwa zimatopetsa mnofu kuposa mmene zimamvekera.

Kanjira kameneka kakutifikitsa pa mfundo imene ndimaikonda kwambiri: thupi silikulolani kupita kumene mulibe mphamvu. Kafukufuku wa zaka zaposachedwa wasonyeza kuti kunyamula zolemera mopita mpaka pothera pa mnofu kumawonjezera kufewa pafupifupi mofanana ndi kutambasula. Simufunika zitsulo. Tengani zigubu ziwiri za malita 5, imani mawondo atapinda pang'ono, kankhirani matako kumbuyo msana uli wowongoka, zigubu zitsike motsatira miyendo mpaka mumve kukoka kumbuyo kwa ntchafu, kenako dzukani. Tsikani mochedwa, masekondi atatu. Kasanu ndi katatu, maulendo awiri, kawiri pa sabata. Mnofu wolimba pothera ndi umene umateteza munthu tsiku limene phazi laterereka pamatope.

Zonsezi pamodzi, kuphatikizapo kutenthetsa thupi, zimatenga mphindi 20 kapena 25. Masiku awiri pa sabata muzipuma.

Tsopano malo aja ndinalonjeza kuwatchula. Khalani pampando wolimba, ikani dzanja pansi pa thako, mudzamva kafupa kamene mumakhalira. Pamenepo ndi pamene minofu ya kumbuyo kwa ntchafu imamangiriridwa ndi mtsempha wolimba ngati chingwe. Kuvulala kwakukulu kwa ophunzira sipiliti kumachitikira pomwepo. Katswiri wa ku Sweden, Askling, anatsatira othamanga liwiro amene anang'amba mnofuwu akuthamanga, ndi ovina amene anaung'amba akutambasula pang'onopang'ono. Tsiku loyamba othamanga ndi amene ankaoneka ovulala kwambiri, ovina ankayenda bwinobwino. Koma theka la othamanga linali litabwerera mwakale pofika masabata 16, pamene kwa ovina zinatenga masabata 50 kuti theka lawo libwerere mwakale. Chifukwa chake n'chakuti kuvulala kotambasula kumagwera pamwamba, pa mtsempha pafupi ndi fupa, pamene magazi safika ambiri ndipo kupola kumachedwa.

Ine ndinaziona pa thupi langa. Ndili pasukulu, mnzanga wina pochita masewero anandikanikiza mapewa ndili pa sipiliti, pofuna kundithandiza kuti nditsirize masentimita ochepa amene anatsala. Ndinamva kuti thu pansi pa thako. Ndinadzuka n'kuyenda, ndipo mawa lake ndinapitiriza kutambasula poganiza kuti mnofu wangolimba. Miyezi yambiri yotsatira sindinkatha kukhala pabenchi ya m'kalasi ola lathunthu. Kuyambira pamenepo sindilola munthu kukwera kapena kukanikiza mnzake pa sipiliti, ndipo inunso musalole, ngakhale akhale aphunzitsi, ngakhale mwana wanu akusewera.

Choncho phunzirani kusiyanitsa zimene mukumva. Kukoka kofalikira pakati pa ntchafu, kumene kumatha mukangomasula, ndi kwabwino. Kuwawa pang'ono kwa minofu mawa lake, kotha m'masiku awiri, si vuto. Koma ululu wa pamalo amodzi oti mungaloze ndi chala pa kafupa kokhalira kaja, womveka mukakhala pampando wolimba, m'minibasi, kapena pa kabaza, ndi chenjezo. Msampha wake ndi wakuti ululu umenewu umamveka ngati mnofu wolimba umene ukufuna kukokedwa, ndipo mukaukoka mumamva bwino kwa kanthawi, kenako umakula. Mukaumva, siyani kutambasula kumbuyo kwa ntchafu kwa masabata angapo, pitirizani za kutsogolo kwa chiuno, ndipo limbitsani mnofuwo usanatambasuke: gonani chagada mawondo atapinda, kwezani matako, gwirani masekondi 20 kapena 30. Ukapanda kusintha pakatha masabata awiri kapena atatu, kapena ngati munamva kuthyoka, mwatupa, pachita mikwingwirima yakuda kapena mukutsimphina, pitani ku mafizo, monga ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, akakuoneni.

Chinthu china chonamiza ndi mtsempha wa uthenga umene umachokera kumsana kudutsa m'thako mpaka kuphazi. Ukakokedwa umapereka kutentha, kunyerenyetsa kapena dzanzi kumbuyo kwa bondo, m'katumba kapena kuphazi. Kuti mudziwe, muli chogona ndi chitenje chija, lozani zala za phazi kudenga kenako muzikokere kwa inu. Ngati zomwe mukumva zikukula kwambiri mukakoka zala ndi kuweramitsa mutu, n'kuchepa mukazimasula, ndi mtsempha umenewo, si mnofu. Umenewu sutambasulidwa ndi kugwira nthawi yaitali, umangokwiya. Masulani phazi, pindani bondo pang'ono, ndipo kukoka kubwerere pakati pa ntchafu. Dzanzi likamakhalitsa mutasiya, kapena ngati muli ndi vuto la msana lotsikira m'mwendo, kaonaneni ndi dokotala musanapitirize. Chimodzimodzinso ngati muli oyembekezera kapena mwangobereka kumene, ngati munachitidwapo opaleshoni ya chiuno, kapena ngati ndinu mwa anthu amene zigongono ndi mawondo zimapindikira kumbuyo mwachibadwa. Otsirizawa amafika pansi msanga, koma chimene akusowa ndi mphamvu.

Mwina mukufuna ndikuuzeni tsiku. Kwa anthu amene ndagwira nawo ntchito oyambira pamene muli inupa, kayendedwe kake kamakhala kotere. M'masabata 6 oyambirira masentimita amagwa mosangalatsa, chifukwa ndi nthawi imene ubongo ukuzolowera. Munthu woyambira pa 33 angapezeke ali cha m'ma 20. Kenako liwiro limachepa, ndipo pamabwera mwezi umene tepi imangonena nambala yomweyo. Apa ndi pamene ambiri amasiya, kapena amayamba kukakamiza n'kuvulala. Masentimita 10 omaliza amatenga nthawi yoposa onse oyamba aja, ndipo nthawi zambiri amene akukaniza ndi mwendo wakumbuyo. Muziganiza za miyezi 6 mpaka chaka, mwinanso kupitirira, ndipo mwendo umodzi udzatsogola mnzake. Mavidiyo olonjeza sipiliti m'masiku 30 amaonetsa anthu amene anali kale pafupi ndi pansi.

Tepi ikaima masabata anayi otsatizana, musathamangire kuwonjezera ululu. Yambani mwafunsa ngati masiku 5 aja akukwanadi, chifukwa maliro, alendo ndi ntchito zimadya masiku mosaonekera, ndipo kalendala yochongedwa imanena zoona kuposa mutu. Ngati akukwana, pamenepo ndi pamene masekondi 30 asanduke 45 kapena 60, makamaka pa kugwada kuja ndi pa sipiliti yochirikizidwa. Ngati mukumva kuti miyendo ndi yotopa ndi yolimba kuposa kale, vuto ndi kuchulutsa, ndipo sabata imodzi yochita theka imabweza zinthu m'malo. Mukadwala malungo kapena kupita kumudzi masabata awiri, mudzataya pang'ono, koma zimabwerera msanga kuposa mmene zinabwerera poyamba. Mukadzafika pamene mukufuna, masiku awiri kapena atatu pa sabata amakwana kusunga.

Pa majowajowa a Loweruka, kapena ngati mumasewera mpira wamanja, sungani kugwira kwa nthawi yaitali mpaka pomaliza. Kugwira mnofu umodzi masekondi 60 kapena kuposa musanayambe kudumpha kumachepetsa mphamvu yake pang'ono kwa kanthawi, pamene kugwira kwakufupi sikusintha zambiri. Poyamba masewero ndi bwino kugwedeza miyendo kutsogolo ndi kumbuyo, kuyenda motambasula mapazi, ndi kunjuta n'kudzuka. Aphunzitsi akamaliza kuwerenga 10 wawo n'kubalalitsa gulu, thupi lanu lidzakhala lotentha kuposa tsiku lina lililonse la sabata. Tsalirani mphindi 10 ndi chitenje chanu, muchite zanu zija pomwepo, ndipo Loweruka likhale limodzi mwa masiku 5.